Kufufuta chidindo cha chinsinsi pa chikalata cha kampani: mafunso ndi mayankho

Ndakhala zaka zambiri ndikusamala zikalata m'maofesi a makampani kuno ku Lilongwe, ndipo masiku ano ndimaphunzitsanso alembi ndi makalaliki ongoyamba ntchito. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ena pa maphunziro, ena pa foni madzulo munthu atathedwa nzeru chifukwa abwana amuuza kuti, "Tangochotsani kachidindoko mutumize." Ine si loya ayi. Nkhani ikafika kukhothi, kaonaneni ndi odziwa malamulo.

Kodi chidindo cha chinsinsi n'chiyani, nanga wotamaki?

Chidindo ndi chija cha inki, nthawi zambiri chofiira, chimene amachimenya pamwamba pa pepala, cholembedwa CONFIDENTIAL kapena INTERNAL USE ONLY. Wotamaki ndi mawu omwewo koma oikidwa ndi kompyuta, otuwa, opingasa pakati pa tsamba kuseri kwa zolembedwa. Makampani ena amaika mawuwa pamwamba kapena pansi pa tsamba lililonse, ndipo ena amaphatikizapo dzina la amene wapatsidwa chikalatacho ndi tsiku.

Zonsezi ntchito yake ndi imodzi. Pali munthu wina m'kampanimo, mwina wa zachuma, mwina woona za antchito, mwina mkulu wa kampani, amene anawerenga chikalatacho n'kugamula kuti chisatuluke popanda chilolezo. Chidindo ndi mawu ake amene amayenda ndi pepalalo kumene iye sangafike.

Kodi n'zotheka kuchichotsa?

Kambiri n'zotheka, ndipo sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Sindifotokoza kachitidwe kake pano. Chidindo sichinapangidwe kuti chikhale loko. Chili ngati chikwangwani cha pageti chonena kuti mlendo asalowe: kuchizula n'kosavuta, koma bwalolo limakhalabe la eni ake.

Nkhani ya m'kati ndi yomweyo, kaya chidindo chilipo kaya palibe. Ndiye vuto lili pati?

Lili pomwepo. Mukafufuta chidindo, chinsinsi chimakhalabe chinsinsi. Chimene chachoka ndi chenjezo lokha.

Taganizirani za wolandirayo. Chikalata chikamupeza chili ndi CONFIDENTIAL, amadziwa kuti asachisiye pa desiki, asachiponye pa gulu la WhatsApp, asachipatse mnzake wa kampani ina. Akatero, mawa sangakane kuti samadziwa. Koma chikamupeza chopanda kanthu, amachiona ngati kotesheni wamba. Amachipereka kwa amene wafuna, ndipo mukadzamufunsa adzayankha mosavuta kuti, "Panalembedwa pati kuti n'zachinsinsi?" Pamenepo kampani yanu imasowa pogwira, chifukwa amene anachotsa chenjezo ndi wantchito wake yemwe.

Mbali ina ndi ya inuyo. Munthu amene watumiza chikalata kwa olakwika chidindo chilipo, angathe kunena kuti anaphonya adiresi ya imelo, ndipo zimamveka. Amene wayamba wafufuta kaye kenako n'kutumiza sangatero. Kufufutako kumasonyeza kuti anachiona chidindo, anamva tanthauzo lake, n'kukhala pansi kuchichotsa. Pa milandu ya kuntchito imene ndakhalapo ngati wolemba zokambirana, ichi n'chimene chimamiza munthu kuposa kutumizako.

Tatipatsani chitsanzo. Chingalakwike n'chiyani pa pepala la mitengo chabe?

Tiyerekeze kampani yogulitsa penti ku Kanengo. Kontirakitala wina amene akumanga nyumba zingapo akufuna ndowa 500, ndipo wapempha mitengo lero lomwe. Mkulu wa zamalonda ali pa msewu, waimbira kalaliki wake kuti, "Mitengo ili mu fayilo ija ya Excel ya a zachuma. Chotsani mawu ali pamwambawo mutumize." Kalalikiyo akutsegula, akuona dzina la penti ndi mtengo wa K48,000 pa ndowa. Palibe choopsa. Wafufuta CONFIDENTIAL, watumiza.

Chimene sanaone n'chakuti zilembo za pamwamba pa mizere zikudumpha kuchoka pa C kufika pa G. Mizere itatu, D, E ndi F, a zachuma anaibisa kuti isamadzadze sikirini. Wolandirayo wangodina Unhide, zonse zaonekera. Mzere woyamba ukunena kuti kampani imagula ndowa imodzi pa K40,000. Wachiwiri ukunena kuti mtengo wotsikitsitsa umene wogulitsa angavomere ndi K44,000. Wachitatu uli ndi mayina a makasitomala ena ndi mitengo imene aliyense amapatsidwa.

Mawa lake kontirakitala uja sakunenerera ngati munthu wosadziwa. Akungoti, "Ndipereka K44,000," n'kukhala chete. Kusiyana kwa K4,000 pa ndowa 500 ndi K2,000,000, yatayika pa oda imodzi. Izi zikanapiririka. Chopweteka chimabwera sabata yotsatira, fayilo ija itafika kwa mwini hadiweya wina ku Malangalanga amene wakhala akugula pa K47,000 zaka zitatu, n'kuona kuti mnzake wa tsidya lina la msewu amagula pa K45,000. Ameneyo sabwera kudzanenerera, amabwera kudzakalipa, kapena sabweranso n'komwe.

Onani kuti kalalikiyo sankadziwa chifukwa chimene chidindo chinaikidwira. Nthawi zambiri zimakhala choncho. Wofufuta amaweruza ndi zimene akuona pa tsamba loyamba, pamene woika chidindo ankadziwa zimene zili kuseri.

Koma abwana anga ndi amene andiuza. Kodi chimenecho si chilolezo?

Zimatengera ngati abwanawo ndi eni chikalatacho. M'chitsanzo cha penti chija, mkulu wa zamalonda ndi bwana wa kalaliki, koma fayilo ndi ya a zachuma. Ali ndi mphamvu pa nthawi ya kalalikiyo, alibe mphamvu pa chidindo cha dipatimenti ina.

Ngakhale atakhala eni ake, mawu a pa foni kapena a m'khonde amauluka. Zinthu zikavuta, fayilo imaonetsa dzina la amene anaisintha, osati la amene analamula. Ndaonapo bwana wina wabwino ndithu, wopemphera, akunena pamaso pa komiti kuti, "Ine ndinangoti atumize mitengo, sindinanene za kufufuta." Mwina ankakumbukiradi choncho. Mtsikana amene anatumidwayo analibe pepala lililonse lomuikira kumbuyo.

Ndipo dzifunseni funso ili: ngati munthuyo ali ndi mphamvu yotulutsa chikalatacho, chikumulepheretsa n'chiyani kulemba mzere umodzi pa imelo? Amene ali ndi mphamvu zenizeni savutika kulemba. Amene amakwiya mukapempha kuti alembe, kawirikawiri amadziwa kuti siginecha yawo sikwanira.

Ndikane bwanji osaoneka wamwano?

Musayambe ndi mawu akuti "sindingathe". Yambani ndi chimene mungachite. Mwachitsanzo:

"Bwana, ndamva. Koma fayiloyi ili ndi chidindo cha a zachuma, ndiye ndawatumizira uthenga kuti atipatse yotumiza kunja. Pakadali pano ndikukonza kotesheni ya ndowa 500 zija pa pepala la kampani, ikhala itatha musanafike."

Akaumirira kuti nthawi palibe: "Pepani bwana, chidindocho ndilibe mphamvu yochichotsa. Mukandilembera pa imelo kuti mwaloleza, ndi kuwaika a zachuma pa kope, ndichita zimene mwagwirizanazo nthawi yomweyo."

Mawu amenewa sakunyoza munthu, sakumuganizira zoipa, ndipo akumupatsa njira. Ambiri amangoti, "Chabwino, pangani koteshoniyo." Chimene ankafuna ndi kuti kasitomala ayankhidwe, osati kuti chidindo chichoke.

Nanga njira yoyenera ndi iti ngati akunja akufunikadi nkhaniyo?

Yambani ndi kufunsa kuti wakunjayo akufuna chiyani kwenikweni. Kawirikawiri amafuna mizere iwiri ya chikalata cha masamba makumi awiri. Zikatero simufunika kukhudza chikalata chachinsinsicho. Tsegulani fayilo yatsopano yopanda kanthu, lembani zokhazo zimene akufuna, mwini chikalata aziwerenge n'kuvomera, mutumize ngati PDF. Ndikuti fayilo yatsopano dala. Mukatenga yakale n'kuisunga pa dzina lina ndi Save As, imanyamula zonse zobisika: mizere, ndemanga za m'mbali, ndi zosintha za Track Changes.

Ngati akufuna chikalata chonse, pitani kwa mwini wake. Iye angachite chimodzi mwa ziwiri. Angalole kuti chituluke chidindo chilipo, kwa munthu wotchulidwa dzina, pa chifukwa chotchulidwa. Kapena angagamule kuti chinsinsicho chinatha, n'kutulutsa kope latsopano iye mwini, lokhala ndi tsiku latsopano, ndi kulemba m'kaundula kuti chikalata chakuti chatsitsidwa pa tsiku lakuti ndi uje. Kope loyamba limasungidwa momwe linalili. Pamapeto pake pepala limene latuluka lingafanane ndendende ndi limene mukanapanga nokha, koma ili lili ndi mwini amene angayankhe likafunsidwa.

A banki, a oditala kapena loya wa kampani apempha chikalata. Ndichotse chidindo kuti asavutike kuwerenga?

Ayi, apa m'pamene chidindo chimafunika kwambiri. CONFIDENTIAL satanthauza kuti chikalata sichingatuluke pa geti mpaka kalekale. Amatanthauza kuti chituluke ndi chilolezo, ndipo wolandira achisamale. A banki akamaunika pempho la ngongole amalandira zikalata zodindidwa tsiku lililonse ndipo sadabwa nazo. Ngati wolandirayo ndi kampani ina imene mukukambirana nayo za mgwirizano, asayine kaye pangano losunga chinsinsi, ndipo mapangano ambiri otere amanena kuti chotetezedwa ndi chimene chalembedwa kuti n'chachinsinsi. Mukafufuta, mwachitulutsa nokha m'panganolo.

Ngati wotamaki ndi yakuda kwambiri moti manambala sakuwerengeka pa fotokope, uzani mwini chikalata atulutse kope la wotamaki yowalirapo.

Ndikafufuta bwinobwino, adziwa bwanji?

Pali njira zambiri kuposa zimene anthu amaganiza, ndipo palibe imene imafuna ukatswiri wodabwitsa.

Fayilo ya Word kapena Excel imasunga dzina la womaliza kuisintha, pa malo olembedwa Last Modified By, pamodzi ndi nthawi yake. PDF imasunga dzina la pulogalamu imene inaipanga ndi tsiku limene inasinthidwa. Ndiye chikalata chimene a zachuma anatulutsa mu Malichi chikapezeka kunja chikuonetsa kuti chinasinthidwa mu Juni ndi pulogalamu imene kampani siigwiritsa ntchito, funso limadzifunsa lokha. Imelo ya kampani imasiya kope pa seva ngakhale mutaifufuta mu Sent. Mapulinta ambiri a m'maofesi, makamaka olowetsa nambala yachinsinsi, amasunga mndandanda wa amene anasindikiza kapena kusikana ndi nthawi yake.

Pa pepala napo, tipekisi amasiya m'mphepete mooneka ngati mthunzi pa fotokope, ndipo pamene inki yofiira inadutsa pa zilembo, zilembozo zimatsala zodukaduka. Makampani ena ochenjera amapereka makope osiyana pang'ono kwa anthu osiyana, mwina pa kalembedwe ka liwu limodzi, kuti likatuluka adziwe kuti linali la yani.

Koma njira imene ndaona ikugwira anthu ambiri ndi yakalekale. Lilongwe ndi yaing'ono. Wolandira uja amadzabwera ku msonkhano atanyamula pepalalo m'manja, n'kuliika patebulo pamaso pa mkulu wa zachuma amene analidinda.

Palinso msampha wina. Ambiri amathamangira masamba aulere a pa intaneti osinthira PDF. Kuti tsambalo ligwire ntchito, mumayamba mwakweza fayilo yonse ku kompyuta za anthu osawadziwa. Chikalata chatuluka kale m'kampani musanachitumize n'komwe kwa amene mumafuna.

Bwanji ndikangojambula ndi foni modula chidindocho, kapena kulembanso mawuwo ndekha?

N'chimodzimodzi. Chotetezedwa ndi nkhaniyo, osati inki. Onani yankho la funso lachitatu.

Nanga kuphimba mbali zovuta ndi bokosi lakuda n'kutumiza zotsalazo?

Kuphimba n'kololedwa ngati mwini chikalata ndiye wasankha zophimbazo, koma anthu ambiri amakuchita molakwika. Mukajambula bokosi lakuda pamwamba pa mawu mu Word kapena mu PDF, mawuwo amakhalapobe pansi. Wolandira angasunthe bokosilo, kapena kusankha tsamba lonse, kukopera n'kumata pena, mawu onse n'kutuluka. Kusintha mtundu wa zilembo kuti zikhale zoyera n'chimodzimodzinso. Pa pepala, maka yakuda imaonetsa zilembo mukaliyang'anitsa padzuwa.

Njira yodziyesera ndi yosavuta: tsegulani fayilo imene mwakonzayo, dinani `Ctrl+F`, lembani liwu limodzi mwa amene mwaphimba. Likapezeka, simunaphimbe kanthu. N'chifukwa chake ndimakonda fayilo yatsopano ija ndafotokoza pa funso la njira yoyenera.

Malamulo a dziko lino akutinji?

Choyamba kukugwirani si lamulo la boma, ndi kontirakiti yanu ya ntchito. Makontirakiti ambiri ali ndi ndime ya kusunga chinsinsi, ndipo ena amati ndimeyo imagwirabe ntchito ngakhale mutachoka.

Lamulo la zantchito la 2000, pa gawo 59, limalola olemba ntchito kuchotsa munthu popanda notisi akapalamula mlandu waukulu, ndipo kutulutsa chinsinsi mwadala makampani ambiri amakuika m'gulu limenelo. Gawo 57 limati payenera kukhala chifukwa chomveka ndipo munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Pa mpata umenewo m'pamene imelo ya chilolezo ija imakupulumutsani. Ena amaopa kuti kukana kungawachotsetse ntchito ngati osamvera. Gawo 59 lomwelo limanena za kukana dala malamulo oyenera a olemba ntchito. Kupempha kuti chilolezo chilembedwe, potsata ndondomeko ya kampani yomweyo, si kukana ntchito. Zikavuta, kuli ofesi ya zantchito ndi khothi loona milandu ya apantchito.

Ngati chikalatacho chili ndi nkhani za anthu, monga malipiro, manambala a ziphaso za unzika, maakaunti a ku banki kapena za matenda, pabweranso lamulo loteteza nkhani za anthu la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Apo olakwiridwa si kampani yokha, komanso mlonda ndi dalaivala amene mayina awo ali pa mndandanda wa malipirowo.

Ku ofesi kwathu amadinda chilichonse, ngakhale ndandanda ya tchuthi. Zoterezi nazo ndizilemekeze?

Ndikuvomereza, matendawa alipo. Pali maofesi amene wotamaki inakhazikika mu fayilo imene aliyense amayambira kulemba, moti ngakhale uthenga wa maliro umatuluka uli CONFIDENTIAL. Zimenezi zimapeputsa chidindo, anthu n'kuzolowera kuchinyalanyaza. Koma mankhwala ake ndi kukauza oyang'anira zikalata kuti akonze fayilo yoyambirayo, osati aliyense kumaweruza payekha. Tsiku limene mudzalakwitse kuweruza lidzakhala la fayilo ngati ya penti ija.

Za zikalata zakale, funsanibe. Lipoti la zachuma limene linasindikizidwa kale m'nyuzipepala mwini wake adzalitsitsa m'mphindi imodzi. Koma kontirakiti ya zaka zisanu zapitazo ingakhalebe yamoyo. Chenjeraninso ndi DRAFT. Ameneyu sanena za chinsinsi, amanena kuti nkhaniyo sinavomerezedwe. Mukamufufuta, wolandira amatenga manambala ongoganizira ngati lonjezo la kampani, ndipo uko kukuyandikira chinyengo.

Bwanji ngati chikalatacho chikuonetsa katangale, ndipo chidindo anachiika kuti abise?

Iyi ndi nkhani ina, ndipo chidindo sichingasandutse kuba kukhala chinsinsi chovomerezeka. Koma ngakhale pano, musafufute. Umboni umalemera ukakhala momwe unalili. Mukasintha kanthu kamodzi, loya wa mbali inayo adzafunsa kuti, "Ngati munachotsa ichi, china chimene munasintha n'chiyani?" Chidindocho mwinanso n'chimene chingasonyeze kuti pepalalo linachokeradi mu ofesi imeneyo.

Kumene mukupita nako n'kofunikanso. Za ziphuphu amalandira ndi a ACB, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, ndipo lamulolo limateteza dzina la wopereka nkhani. Za kuzemba msonkho ndi a MRA, za kuba ndi apolisi. Kuponya pa Facebook si kunena mlandu. Musanasunthe pepala lililonse, kambani ndi loya.

Ngati muli panja ndipo chimene mukufuna ndi chikalata cha bungwe la boma, musanyengerere kalaliki kuti akutulutsireni mobisa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mungalembe pempho lanu poyera.

Ndili ndi shopu ya fotokope ndi kutayipa m'tauni. Kasitomala akabwera ndi fulashi kuti ndimuchotsere wotamaki, ine zikundikhudza bwanji?

Simudziwa ngati chikalatacho n'chake. Mwini weniweni ali ndi fayilo yoyamba ku ofesi ndipo safunika shopu kuti achotse chizindikiro chake chomwe. Wobwera kwa inu kawirikawiri ndi amene sakufuna kuti kompyuta ya kuntchito isunge dzina lake, ndiye fayiloyo idzasunga zizindikiro za kompyuta yanu m'malo mwake. Ndalama ya ntchito yotereyi sifika pa mtengo wa tsiku limodzi lotseka shopu kukayankha mafunso.

Muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, kusindikiza ndisindikiza momwe chililimu, koma zofufuta zidindo pano sitipanga." Chitani chimodzimodzi ndi mapulani a nyumba kapena zithunzi zokhala ndi dzina la wojambula. Pamenepo wotamaki nthawi zambiri imatanthauza kuti ntchitoyo sinalipiridwe.

Ndinafufuta kale ndipo ndinatumiza. Nditani?

Nenani lero, musadikire kuti atulukire okha. Pitani kwa mwini chikalata, kapena kwa oona za antchito ngati amene anakutumani ndi bwana wanu. Fotokozani kuti ndi chikalata chiti, chinapita kwa yani, nthawi yanji, pa njira iti, ndipo anakuuzani ndani. Lembani zimenezi mukadazikumbukira bwino.

Musafufute imelo, uthenga wa WhatsApp kapena fayilo imene munasinthayo. Kufufuta kumaoneka ngati kubisa umboni, komanso uthenga wa abwana uja mwina ndi chokhacho chimene chingakuikireni kumbuyo. Musadalire Recall ya mu Outlook, chifukwa kawirikawiri sigwira pa imelo yopita kunja kwa kampani. Musayimbirenso wolandirayo panokha kumuchonderera kuti afufute. Mukatero mwamuuza kuti wagwira chinthu cha mtengo.

Siyani kampani imulembere kalata yomudziwitsa kuti chikalatacho n'chachinsinsi, kuti asachipereke kwa wina, ndipo atsimikize polemba kuti wachifufuta. Kuyambira pamene walandira kalatayo sangathenso kunena kuti samadziwa. A zachuma nawo amapeza nthawi yosintha mitengo kapena kuimbira makasitomala awo nkhaniyo isanawapeze kudzera kwina. Ngati munali nkhani za anthu, kampani ingafunike kudziwitsa a MACRA ndi anthu okhudzidwawo mwamsanga, ndipo singachite zimenezo ngati inu mwakhala chete.